Lamba wa taimingi: ndinafuna lisiti, osati mawu

Hilux ya dizilo imene ndinkafuna kugula inali itayenda makilomita 187,000. Nditafunsa za lamba wa taimingi, wogulitsayo anatsegula boneti nʼkundilozera lamba wakuda bii, watsopano ndithu.

"Suyu, bwana? Tangosintha kumene."

Anali fanibeluti, uja woyendetsa otaneta. Akaduka ameneyo, batire imaleka kutchaja, umaima pambali nʼkuika wina. Wa taimingi sungamuone usanamasule chivundikiro. Ndi wa labala, wa mano, ndipo ntchito yake nʼkuonetsetsa kuti mavalavu akutseguka ndi kutsekeka pa nthawi yake pamene mapisitoni akukwera ndi kutsika. Mu injini zambiri, makamaka za dizilo, valavu ndi pisitoni zimadutsa malo amodzi mosinthana. Lamba akangoduka zimawombana, mavalavu nʼkupindika, ndipo mutu wa injini uyenera kutsika. Sachenjezanso, amangoti thapu uli pa msewu.

Ndinayamba ndi kuwerenga dzina la injini pa kachitsulo ka nambala ya chasisi: 2KD-FTV. Imeneyi ndi ya lamba, ndipo amasinthidwa pa makilomita 150,000. Ndiye kuti galimotoyi inali itapyola malirewo ndi 37,000. Wogulitsa anati nyale ya T-BELT pa dashibodi siyaka, kutanthauza kuti zonse zili bwino. Apa ndinaseka chamumtima. Nyaleyo imangowerenga mtunda, sidziwa ngati lamba ndi watsopano, ndipo munthu atha kuizimitsa osagwira sipanala.

Ndinapempha lisiti. Labwino limakhala ndi tsiku, makilomita a tsikulo, nambala ya galimoto, ndi zimene anaika: lamba, tenshona yomukunga, ndi kagudumu komwe amatsamirapo. Tsiku ndi lofunika chifukwa labala amakalamba ngakhale galimoto itangokhala. Panalibe lisiti, panalibenso kasitika kamene amakaniko amamata pa chivundikiro. Makaniko wanga anamasula nʼkusuzumira, sanaone mingʼalu, koma anati maso sanena zaka za lamba.

Ikanakhala injini ya tcheni, monga 1NZ-FE, mafunso akanasintha. Tcheni ndi chachitsulo, chimasamba mu oyilo mʼkati mwa injini, ndipo nthawi zambiri sichikhala ndi mtunda woikika wosinthira. Umboni wake ndi malisiti a oyilo, popeza oyilo wokhalitsa ndiye amachidya mpaka kutalika. Umafika mʼmawa injini ili yozizira, uilize wekha, umvere ngati pali kulira kwa "tchwererere" kwa masekondi angapo. Pa makina oyezera mavuto a injini, nambala ya P0016 ndi chimodzi mwa zizindikiro za tcheni chotalika.

Ine ndinangoti lamba wanga ndi yemwe galimotoyo inachoka naye ku fakitale. Makaniko analemba mtengo wa zida zitatu zija ndi wa ntchito, ndinauchotsa pa mtengo wa galimoto, wogulitsa anangʼungʼudza koma anavomera. Kuchoka pamenepo ndinalunjika ku galaja, ndipo kasitika ka 187,040 ndinamata ndekha.