Mkute wa mpunga: kutenthetsa sikuchotsa poizoni

Pa phunziro la ukhondo wa zakudya sabata ino, chomwe chandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mpunga wotsala. Ambirife timati mkute ukangotenthetsedwa ndiye kuti wakhala bwino. Kwa mpunga sizili choncho.

Mpunga wosaphika umakhala ndi mabakiteriya otchedwa Bacillus cereus, ochokera m'dothi. Tikauwiritsa ambiri amafa, koma ena amakhala atadzitsekera m'chikhokho cholimba chomwe madzi owira sachiswa. Mpunga ukamazirala n'kufika pansi pa madigiri 60, amadzuka n'kuyamba kuswana, ndipo pofunda bwino amatha kuwirikiza kawiri pa mphindi 20 kapena 30 zilizonse.

Ndinayesa kuwerengetsa ndi mphika wapakhomo. Mwaphika mpunga wa Kilombero masana ku Ndirande mu Okutobala, mwadya, wotsala mwauvundikira n'kuusiya pafupi ndi mbaula. Wakhala wofunda maola 6 kufikira madzulo. Ngati akuwirikiza pa mphindi 30 zilizonse, awirikiza ka 12, ndiye kuti mabakiteriya 100 apitirira 400,000. Akamachuluka chonchi amatulutsa poizoni, ndipo poizoni woyambitsa kusanza sawonongeka ndi moto. Mutha kuukazinga mpungawo mpaka utsi, mabakiteriya n'kufa, poizoni n'kutsala. Chomwe chikundiopsa n'chakuti nthawi zambiri sununkha ndipo susasa, choncho kununkhiza sikungatiteteze.

Munthu akaudya amayamba nseru ndi kusanza pasanathe maola 6. Mtundu wina umatsegula m'mimba pakatha maola 6 mpaka 15. Ambiri amachira pakatha tsiku. Chofunika ndi kumwa Thanzi pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Ngati ndi mwana wamng'ono, mayi woyembekezera kapena agogo, kapena mukaona magazi m'chimbudzi, kutentha thupi, ngakhale kusanza chilichonse chomwe wamwa, musadikire, pitani kuchipatala.

Choncho nkhani yagona pa kuziziritsa msanga. Chakudya chophika chisakhale panja kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32, ola limodzi lokha. Mpunga mumphika wakuya umasunga kutentha pakati kwa nthawi yaitali, ndiye uyaleni m'mbale yotakata kuti nthunzi ichoke, kenako vundikirani n'kuika mufiriji yozizira madigiri 5 kapena kutsika apo. Udyedwe mawa lake, wotenthetsedwa kamodzi kokha mpaka nthunzi ituluke pakati penipeni.

Magetsi akathima, firiji yosatsegulatsegula imasunga chakudya pafupifupi maola 4. Akathima usiku wonse, mkutewo musaukhulupirire.

Nanga opanda firiji, omwe ndi ambiri kuno ku Blantyre? Apa ndilibe njira ina yoposa kuphika woti uthe. Ndikudziwa kuti kutaya chakudya kumawawa, makala nawo ndi odula, koma mpunga wogona pamphika usiku wonse nyengo yotentha ino usapatsidwe kwa mwana m'mawa popita kusukulu.