Nambala ya pansi pa chivundikiro: zimene ndamvetsa pa ma AirPods afeki

Mtima wakhala pansi tsopano. Kwa masabata atatu ndakhala ndikuphunzira kusiyanitsa ma AirPods, mahedifoni a Apple opanda chingwe, enieni ndi afeki pongoona zithunzi, chifukwa anthu ambiri amene amabwera pa shopu yokonza mafoni pomwe ndikuphunzira ntchito amayamba atumiza chithunzi n'kufunsa kuti, "Ndigule?" Ine ndimangoti kakasi. Dzulo ndi pamene zalowa m'mutu.

Za siriyo nambala sindichedwapo, nonse mukudziwa kuti opanga afeki amakopera nambala ya chinthu chenicheni, moti ukaifufuza pa checkcoverage.apple.com imatuluka bwinobwino.

Cholakwa changa chinali chakuti ndinkayang'ana kukongola. Ndinkakulitsa chithunzi n'kumaona ngati zilembo za "Designed by Apple in California" kumbuyo kwa kabokosi kochajira ndi zoonda komanso zotuwa, kapena zakuda ndi zonenepa. N'zoona kuti pa afeki ambiri inki imakhala yochuluka, mizere n'kupendama pang'ono. Koma chithunzi chikadutsa pa WhatsApp chimaphwanyika, ndipo zilembo zenizeni nazo zimaoneka zonenepa. Ndinkaweruza kamera ya wogulitsa m'malo moweruza katunduyo.

Dzulo mayi wina anatumiza zithunzi zinayi. Wogulitsa anawauza kuti ndi AirPods Pro 2 za USB-C. Pansi pa kabokosi bowo lochajira linalidi la USB-C, timabowo ta sipika tinalipo, kachitsulo komangirira chingwe m'mbali kanaliponso. Ndinawapempha chithunzi cha m'kati mwa chivundikiro, m'timaenje momwe mitu ya mahedifoni imalowa mukatseka. Munalembedwa A2190, nambala yosonyeza mtundu wa kabokosi, osati siriyo nambala. Apa ndi pamene maso anga anatseguka. A2190 ndi nambala ya kabokosi ka AirPods Pro zoyamba, za 2019, ndipo kabokosi kameneko kali ndi bowo la Lightning, kalibe sipika, kalibe pomangira chingwe. Ka Pro 2 ka 2022, ka Lightning, ndi A2700. Ka USB-C, ka 2023, ndi A2968. Thupi la kabokosi linkanena 2023 pamene zolembedwa zinkanena 2019. Chinthu chimodzi sichingabadwe kawiri.

Mfundo yake ndi imeneyo basi: ziwalo za chinthucho zizichitirana umboni. Sindifunikanso kukumbukira kuti kutuwa kwa zilembo zenizeni n'kotani. Ndimangowerenga nambala, n'kufunsa ngati bowo, kanyali ndi hinji zikuvomereza. Ndinabwerera ku zithunzi zakale za AirPods 2 zomwe zinandisokoneza, ndipo njirayi inagwiranso. Kabokosi ka A1602 kali ndi kanyali m'kati, pakati pa mahedifoni awiriwo, ndipo hinji yake ndi yonyezimira. Ka A1938, kochaja popanda chingwe, kanyali kali kutsogolo ndipo hinji si yowala. Chithunzi china chinali ndi kanyali kutsogolo koma nambala A1602. Feki. Kunena zoona, ndikuona kuti njirayi ikuposa zina zonse kuziphatikiza pamodzi, ndipo ndikanakonda akanayamba kundiphunzitsa imeneyi.

Apa ndi pomwe ndimakhumudwa ndi abwana amene amandiphunzitsa. Ntchito amaidziwa, koma ukawafunsa amangoti, "Ona hinji, iwe." Ndione chiyani pa hinji? Iwo akatenga kabokosi m'manja amatsegula n'kutseka kawiri, amamva kulira kwake ndi kugwedera kwa chivundikiro, basi ayankha. Chithunzi sichilira. Zinanditengera masiku kuti ndidzipezere ndekha kuti pa chithunzi choyenera kuona ndi mpata wa pakati pa chitsulo ndi pulasitiki, ngati uli wofanana mbali zonse, ndiponso ngati chitsulocho chakhala mofanana ndi thupi la kabokosi osatumphuka. Nthawi yoti andikhazike pansi palibe, makasitomala amakhala ali pamzere, ine ndimaphunzira usiku batire ya foni ikutha. Ngakhale zoti kabokosi ka AirPods kalibe chizindikiro cha apulo kunja kwake sanandiuze. Ndinakhala tsiku lonse ndikuyesa kuona ngati apulo wina wadindidwa mwaukhondo, pamene kupezeka kwake kokhako kunali yankho.

Komabe pali zomwe zikundisowetsa tulo. Kabokosi ka A2968 kamagulitsidwanso pakokha, ndiye munthu atha kuikamo mahedifoni a A2698 ndi A2699 a 2022, zonse zili zenizeni, ine n'kumunamizira. Nanga wopanga feki akalemba nambala yolondola pa thupi lolondola? Pamenepo ndabwereranso ku hinji ndi inki, komwe maso anga sanakhwime. Mayi aja ndinawauza kuti asagule, ndipo pa iwo sindikukayika. Koma tsiku limene zonse zidzagwirizane pa chithunzi, sindikudziwa ngati ndidzalimbe mtima kuuza munthu kuti atulutse ndalama zake.