Majekete anga ndi msonkho wa R6,825

Ndinaitanitsa majekete ku China oti ndizigulitsa kuno ku Joni. Katundu anali wa R8,000, ndipo ya ndege ndinalipira R2,000. Atafika pa bwalo la ndege la OR Tambo, ejenti wanga wotulutsa katundu ku kasitomu ananditumizira bilu ya msonkho, R6,825. Ndinalipira kaye, chifukwa katundu akagona kumeneko amalipiritsa ya malo tsiku ndi tsiku, koma mtima sunakhale pansi.

Mawa lake ndinauza ejentiyo kuti andipatse SAD 500, fomu imene analembetsera katundu wanga. Musamavomere kungopatsidwa bilu yokha. Ndi fomuyo m'manja ndinapita ku ofesi ya kasitomu.

"Mayi, sindinabwere kudzakangana," ndinatero kwa wogwira ntchito amene ndinamupeza. "Ndingofuna mundionetse mmene ndalamayi yafikira apa."

Anatenga cholembera nkuyamba kuwerengera kuseri kwa pepala langa lomwelo. Mtengo wolembetsedwa unali R10,000. Zovala ngati zimenezi msonkho wake ndi 45 peresenti, ndiye R4,500. VAT ndi 15 peresenti, koma sawerengera pa mtengo wa katundu wokha: amawonjezerapo kaye 10 peresenti ya mtengowo, nkuphatikizanso msonkho uja. Apa zinakwana R15,500, ndipo VAT yake inali R2,325. Masamu anali bwinobwino.

Kenaka anandifunsa kuti, "Bambo, R10,000 imeneyi ndi ya majekete okha?"

Vuto linali pamenepo. Ku South Africa amatenga mtengo wa FOB, kutanthauza zonse zimene mwalipira kufikira katundu atakwezedwa m'ndege kapena m'sitima kwawoko. Ya ulendo wobwera kuno silowamo. Koma wondigulitsa uja anaunjika zonse pamzere umodzi wa invoisi, ndipo ejenti anangokopera. Pa R8,000, msonkho ukanakhala R3,600 ndipo VAT R1,860, zonse R5,460. Ndinali nditaluza R1,365, phindu la majekete angapo.

Pakamwa pokha a kasitomu sakhulupirira munthu, ndipo sindiwadzudzula, poti ambiri amachepetsa mitengo dala. Anafuna invoisi yolekanitsa mtengo wa katundu ndi wa ndege, pepala la kampani yonyamula losonyeza R2,000 ija, komanso umboni wa kubanki woti ndalama inatuluka zingati. Chimene chinandivuta chinali invoisi. Wogulitsa anayamba ndi kundifunsa kuti alembepo mtengo wanji. Ndinati weniweniwo basi, chifukwa ukasemphana ndi wa kubanki katundu atha kugwidwa, chindapusa pamwamba.

Mapepala atakwana, ejenti anatumiza VOC, yokonza zolakwika pa SAD 500 ija, ndi pempho loti ndalama ibwezedwe. Njira imeneyi ndi ya pamene mbali yanu ndiyo yalakwitsa. Akakhala a kasitomu eni ake ndiwo akweza mtengo, pemphani zifukwa zolembedwa, ndipo apilo yake ndi pa fomu ya DA 51 pasanathe masiku 30.

Ndalama inabwerera kwa ejenti, poti ndiye analipira. Ndinamuimbira kanayi asananditumizire.