Dzino limodzi mwa mano 31: zomwe ndinapeza nditatsegula wotchi yanga ya madeti

Loweruka lapitali ndinamaliza kukonza wotchi yanga yakale ija yosagwiritsa ntchito batire, yomwe ndinagula pa kaunjika chaka chatha. Vuto lake linayamba usiku wa pa 30 Juni, koma kuti ndilimvetse bwinobwino panapita mwezi wathunthu. Ndikulemba zonse mwatsatanetsatane chifukwa chimene chinathyoka ndi kanthu kochepa ngati kamchenga, ndipo ndinakathyola ndekha ndi zala ziwiri.

Usikuwo, cha m'ma 10:40, ndinakumbukira kuti Juni ali ndi masiku 30 okha. Wotchi ya makina sidziwa zimenezi. Imawerenga mpaka 31 mwezi uliwonse, motero kasanu pachaka, kumapeto kwa Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala, mwini wake amayenera kuithandiza. Ndinaganiza zoikankhiratu deti kuchoka pa 30 kufika pa 31, kuti pakati pausiku idumphe yokha n'kufika pa 1. Ndinakoka kabatani kopotokola ka m'mbali kamodzi, n'kuyamba kupotokola. Kanalimba kuposa masiku onse. Ndinawonjezera mphamvu pang'ono, ndinamva kuti "thi", ndipo 31 anaonekera pazenera loonetsa deti. M'mawa kutacha, pazenera panali 31 yemweyo.

Ndinasintha ndi dzanja kufika pa 1, ndipo Julayi yense wotchi inayenda bwino moti ndinaiwalako. Koma m'mawa wa pa 1 Ogasiti ndinapezanso 31 ali phee. Apa m'pamene ndinadziwa kuti vuto lili pamalo amodzi okha, ndipo likubwera kamodzi pamwezi.

Nditachotsa makina m'chikho chake, ndinayala kapulasitiki kopyapyala pankhope ya wotchi kuti isakalike, ndinazula mivi, kenako n'kuchotsa nkhopeyo. Zonse za deti zimakhala pansi pa nkhope pomwepo, ndipo si zambiri. Pali mkombero wopyapyala wolembedwa manambala 1 mpaka 31, womwe m'mphepete mwake mwam'kati muli mano 31, dzino limodzi tsiku limodzi. Pali kachitsulo kokhala ndi sipuling'i komwe kamagwera pakati pa mano awiri n'kugwira mkomberowo kuti nambala ikhale pakati pa zenera. Ndiye pali giya yoyendetsa deti, ndipo nkhani yonse yagona pa iyoyi.

Giya imene imanyamula muvi wa maola imazungulira kamodzi pa maola 12. Imeneyi imayendetsa giya ya deti mwa theka la liwiro lake, choncho giya ya deti imazungulira kamodzi pa maola 24. Pamwamba pake pali kachala kotulukira kunja. Tsiku lonse kachalaka kamangozungulira m'malere osakhudza kanthu, koma usiku kamafika pamkombero, kamalowa pakati pa mano, n'kuyamba kukankha dzino limodzi. Kamayenda pang'onopang'ono kwambiri, madigiri 15 okha pa ola, n'chifukwa chake sikamangolowa n'kutuluka. Pa wotchi yangayi, nditazungulitsa pang'onopang'ono uku ndikuyang'ana ndi galasi lokuzira, ndinaona kuti kachala kamalowa m'njira ya mano nthawi isanakwane 10 koloko usiku, deti imagwa pa 12, ndipo kachalako kamatulukiratu cha m'ma 1 koloko. Kwa maola atatu amenewa kamakhala kali m'kati, ngakhale kuti kunja sukuona chilichonse pa ola loyambalo.

Kusintha deti ndi kabatani kumadzera njira ina. Ukakoka kamodzi n'kupotokola, kagiya kena kamagwira mano a mkombero womwewo pamalo ena, n'kuukankha dzino lathunthu nthawi imodzi. Masana palibe chotchinga, mkombero umangodumpha. Koma kachala kakakhala pakati pa mano, zinthu zimasintha. Dzino lomwe kachala kamakankha limathawa kutsogolo, ndipo dzino lotsatira limabwera kumbuyo n'kugunda kachalako kumsana. Kachala sikangathawe, chifukwa kali pagiya yolumana ndi magiya ena mpaka ku mivi. Dzino nalo silingabwerere, chifukwa kumbuyo kwake kuli zala za munthu. Kulimba kumene ndinamva kuja kunali kugundana kumeneku. Magiya amenewa anapangidwa kuti azilandira mphamvu ya sipuling'i yaing'ono ya wotchi, ndipo mphamvu ya chala chachikulu cha munthu imaposa pamenepo kutali. Chimodzi chiyenera kugonja: kachala kapindike kapena kuthyoka, dzino libenthuke, kapena mano a kagiya kosinthira aphwanyike.

Kwa ine chinagonja ndi dzino. Nsonga yake inabenthuka pamene linkakwera pamwamba pa kachala, ndipo kachalako kanapindika pang'ono chabe. Dzino limeneli ndi lomwe kachala kamayenera kukankha pochoka pa 31 kupita pa 1. Usiku womwewo kachala kanafika pa dzinolo, kanapeza lafupika, n'kungodutsa. Mano ena 30 anali athunthu, ndiye kachala, ngakhale kanali kopindika, kankawafikira. N'chifukwa chake Julayi anadutsa popanda vuto.

Chinandisokoneza poyamba n'chakuti ndinkafunafuna dzino lothyoka pafupi ndi nambala 31, koma pamenepo mano onse anali bwino. Zenera lili pa 3 koloko, pomwe kachala kamagwira ntchito mbali ina ya mkombero. Dzino loyendetsa 31 lili kutali ndi pomwe palembedwa 31. Ndinalipeza nditaika mkombero pa 31 n'kuyang'ana dzino lomwe lili kutsogolo kwa kachala.

Pamenepa ndaphunzirapo kuti wotchi imanena yokha chomwe chawonongeka, usanaitsegule n'komwe. Ngati deti ikukanirira tsiku limodzi lomwelo mwezi uliwonse, ndi dzino la mkombero. Ngati siikusinthanso usiku uliwonse koma ndi kabatani ikusintha, kachala kathyoka kapena kapindika kwambiri. Ngati usiku ikusintha yokha koma kabatani kakungozungulira mopepuka, ndi kagiya kosinthira. Ikamaima pakatikati, manambala awiri akuoneka theka theka mpaka masana, ndimayamba kukayikira kachala kopindika kapena kachitsulo kogwira kaja.

Chomwe chinandidetsa nkhawa kwambiri ndi kachidutswa kobenthukako. Kanthu kakathyoka m'wotchi sikatuluka, kamangoyendayenda m'katimo, ndipo kakalowa pakati pa mano a giya kapena m'kasipuling'i kaubweya kamene kamasunga nthawi, wotchi yonse imaima. Ndinakasaka pafupifupi ola lathunthu. Ndinakapeza katamatirira pamafuta ouma pafupi ndi giya ya maola, ndipo ndinakatola ndi kaphula kotsukira mawotchi. Ndikanapanda kukapeza, ndikanayenera kumasula makina onse n'kuwatsuka.

Dzino lobenthuka silimatika. Ndinapita kwa bambo wina wachikulire wokonza mawotchi pakhonde la sitolo mumsika, yemwe amasunga mawotchi akufa m'chitini. Titafufuza tinapeza ina ya makina ofanana ndi anga, yomwe mkombero ndi giya ya deti zinali zabwino. Atayang'ana mkombero wanga ndi galasi lawo anandifunsa kuti, "Achimwene, munaisintha usiku eti?" Nditavomera anati, "Ikalimba muzisiya. Kabatani ka deti sikafuna mphamvu." Anandilangizanso kuti ndisawongole kachala kopindikako, chifukwa chitsulo chopyapyala chotero chikapindidwa kawiri chimafooka. Ndinasintha zonse ziwiri.

Mawotchi onse sali chimodzimodzi, ndipo izi ziyenera kunenedwa. Ambiri amakono ali ndi kachala kokhala pa sipuling'i kapena kofewa, komwe dzino likakagunda kumsana kamagonja n'kubwereranso. Pamenepo nthawi zambiri sipathyoka kanthu, kungoti deti ikhoza kusokonezeka. Komabe opanga eni ake amachenjeza. Kabuku ka malangizo a makina a Seiko 7S26, omwe ali m'mawotchi ambiri a Seiko 5, kamati tsiku ndi deti zisasinthidwe kuyambira 9 koloko usiku mpaka 4 koloko m'mawa. Nthawiyo ndi yaitali chifukwa dzina la tsiku la sabata limasintha pambuyo pa deti, m'bandakucha. Pa makina a Valjoux 7750 nthawi yoletsedwa ndi 8 koloko usiku mpaka 2 koloko m'mawa. Popeza kuchokera kunja sungaone mtundu wa kachala komwe kali m'kati, ine ndasankha kutenga 8 koloko usiku mpaka 4 koloko m'mawa ngati nthawi yosakhudza deti pa wotchi iliyonse.

Nthawi yomwe ikunenedwa apa ndi ya wotchiyo, osati ya kunja. Wotchi yomwe inaima m'kabati ikuloza 10 koloko ikhoza kukhala pa 10 koloko usiku ngakhale iwe waitola dzuwa lili paliwombo, chifukwa mivi imaoneka chimodzimodzi masana ndi usiku. Ndiye panopa ndikamaika deti ndimayamba ndi mivi. Ndimakoka kabatani mpaka kumapeto n'kuyendetsa mivi kutsogolo mpaka pa 6 koloko. Kaya ndi 6 wam'mawa kaya wamadzulo, kachala kamakhala kutali ndi mano. Kenako ndimabweza kabatani pa malo osinthira deti n'kuika deti ya dzulo. Ndimakokanso mpaka kumapeto, n'kuyendetsa mivi kutsogolo mpaka deti ya lero itagwa yokha, ndipo pamenepo ndimadziwa kuti wotchi ili pakati pausiku. Ngati kunja 12 koloko masana yadutsa kale, ndimadutsitsa mivi pa 12 kachiwiri ndisanaike nthawi. Za kumapeto kwa mwezi waufupi ndimadikira m'mawa wa pa 1, nditadzuka.

Pobwezera mivi panafunikanso kusamala. Ndinazungulitsa pang'onopang'ono mpaka deti itangogwa, ndinaima pomwepo, kenako n'kukhomera muvi wa maola ndi wa mphindi pa 12 ndendende. Wokonza akaphonya apa, deti imagwa nthawi ina, mwina 2 koloko, ndipo maola oopsa aja amasunthira limodzi nayo. Choncho wotchi iliyonse yogula yogwiritsidwa kale ntchito ndi bwino kuiona kaye kuti deti yake imagwa nthawi yanji.

Sindinafune kudikira mwezi wina kuti ndidziwe ngati zatheka. Ndisanatseke chikho ndinayendetsa mivi ndi dzanja masiku onse 31, kutanthauza kuti muvi wa maola unazungulira ka 62. Zala zinatopa, koma deti iliyonse inagwa pakati pa 11:55 ndi 12:05, kuphatikizapo kuchoka pa 31 kupita pa 1. Kenako ndinaika mivi pa 6 koloko n'kuyesa mano onse ndi kabatani, ndipo sanalimbe paliponse. Wotchi yakhala pamkono masiku anayi tsopano. Chatsala n'kuona usiku wa pa 31 Ogasiti, pamene dzino la mkombero watsopano lidzakankhidwe ndi mphamvu ya wotchi yokha.