Zoyera m'kamwa mwa khanda langa: mmene tinazichizira osasiya kuyamwitsa

Khanda likakhala ndi lilime loyera, anthu ambiri amati ndi mkaka, ndipo nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Mkaka wotsalira umakhala palilime pokha, ndipo ukaupukuta pang'ono umachoka. Zimene zinagwira mwana wanga ali ndi milungu 6 zinali zina. Zinali m'kati mwa masaya, pausinini, kuseri kwa mlomo wam'munsi komanso kumwamba m'kamwa, timagulu toyera tokhala ngati chambiko. Ndinasamba m'manja, ndinakulunga kansalu koyera kofewa kuchala, n'kukhudza pang'ono m'kati mwa tsaya. Zoyerazo sizinachoke, ndipo pamene pananyotsoka pang'ono panaoneka pofiira. Ndinalekera pomwepo, chifukwa ukakakamiza pamatuluka magazi ndipo mwana amamva ululu woposa.

Chimene chinandiopsa kwambiri chinali kayamwidwe. Ankafunafuna bere ndi njala, akaligwira n'kukoka kawiri kapena katatu, ankalilavula n'kuyamba kulira, mutu akutembenuzira kumbali. Njala inalipo, koma m'kamwa munkawawa. Apongozi anga, amene alera ana ambiri, anayang'ana m'kamwamo n'kunena kuti, "Izi si za mkaka ayi, mwanangu. Mawa mulawire kuchipatala." Ena oyandikana nawo ankati ndipake uchi, ena soda, ena shuga. Sindinapake chilichonse. Uchi sapatsa mwana wosakwana chaka chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo tofooketsa thupi la khanda, ndipo shuga amangodyetsa chimene chikuyambitsa vutolo.

Kuchipatala anayamba ndi kumuyeza pasikelo n'kuyerekeza ndi zimene zinalembedwa m'buku lake. Kenako anamwino anamuyeza kutentha kwa thupi, anawerenga kapumidwe, anagwira paliwombo, ndipo anandifunsa kuti wanyowetsa matewera angati kuyambira dzulo. Ndinkaganiza kuti angoyang'ana m'kamwa basi, koma anandifotokozera kuti kwa mwana wosakwana miyezi iwiri, kukana bere kukhozanso kukhala chizindikiro cha matenda aakulu a m'magazi, ndiye amayamba atsimikiza kuti si zimenezo. Wanga thupi silinatenthe, ankagalamuka bwino, ndipo ankayamwako ngakhale movutika. Atatsegula m'kamwa anati, "Mayi, awa ndi mafangasi, dzina lake kandida. Amachizika, musadandaule. Koma kodi inu kapena mwanayu mwamwako mankhwala opha tizilombo posachedwapa?"

Ndinali nditangomaliza kumwa amokisilini. Iwo anati mafangasiwa amakhala kale m'thupi mwa munthu osavutitsa, chifukwa tizilombo tina tabwino timawaletsa kuchulukana. Mankhwala ngati amokisilini amapha ndi tabwino tomwe, ndiye mafangasi amapeza mpata. Ana ena amawatengera panjira pobadwa ngati mayi anali nawo kumaliseche, ena amawatengera kubotolo kapena ku kanthu koyamwa kosatsukidwa bwino. Komanso chitetezo cha khanda chimakhala chisanakhwime, n'chifukwa chake vutoli limakonda ana aang'ono ngakhale a pakhomo paukhondo. Mawu amenewa anandikhazika mtima pansi, pakuti ndinkaopa kuti anthu aziti ndine wauve.

Anandipatsa nisitatini wamadzi, wachikasu, m'kabotolo kokhala ndi kodonthezera. Muyezo wake unali mililita 1, kanayi patsiku, kwa masiku 7, ndipo anati ngakhale zoyerazo zitatha, ndipitirize masiku ena awiri. Apa ndipamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikufuna mayi mnzanga amvetse: mankhwalawa sachiza m'kamwa akakhala m'mimba. Amapha mafangasi pokhapo pamene akhudza. Ukangowathira kukhosi mwana n'kumeza, botolo litha koma zoyerazo zilipobe.

Ine ndinkachita chonchi. Ndinkayamba ndamuyamwitsa kapena kumumwetsa, kuti mkaka usakokolole mankhwala. Ndikasamba m'manja ndi sopo, ndinkakhutchumula botolo chifukwa mankhwalawa amadikha pansi. Ndinkamukhazika pamiyendo mutu uli chokwera, n'kudontheza theka la muyezo m'kati mwa tsaya limodzi, theka linalo tsaya linalo, pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Kenako ndi chala choyera, chikhadabo chowengedwa, ndinkawafalitsa palilime, pausinini ndi kuseri kwa milomo. Kodonthezerako ndinkayesetsa kuti kasakhudze m'kamwa, ndipo kakakhudza ndinkakatsuka ndisanakabwezere m'botolo. Ndikatero ndinkadikira kanthawi ndisanamuikenso kubere, koma akalira ndi njala sindinkamumana. Nthawi zinayizo ndinazimangirira ku zochitika za tsiku: m'mawa, masana, madzulo ndi pogona, kuti ndisamaiwale.

Mayi amene ndinali naye pamzere anamupatsa jivi, mankhwala ofiirira aja opaka pazilonda, chifukwa nawonso amagwiritsidwa ntchito pa vutoli. Wa m'kamwa amakhala wosungunula, wa 0.25 peresenti, theka la mphamvu ya amene amapaka pakhungu. Amapaka ndi kansalu kokulunga kuchala. Jivi wotsala kunyumba amene munkapaka pachilonda cha mwendo musamuike m'kamwa mwa khanda, chifukwa akakhala wamphamvu kapena mukapaka nthawi yaitali amawotcha n'kuyambitsa zilonda zenizeni. Palinso mankhwala ena okhala ngati phala lolimba, a mikonazo, amene amagulitsidwa m'mafamase. Amenewo sapatsa mwana wosakwana miyezi inayi pokhapokha adokotala atalamula, chifukwa akhoza kumutseka kukhosi.

Anamwino aja sanalekere pa mwana. Anati, "Tione mabere anu, mayi." Nsonga zake zinali zofiira monyezimira, zinkayabwa, ndipo mwana akamaliza kuyamwa ndinkamva kuwotcha kolowa m'kati. Iwo anati mafangasi amayenda kuchoka m'kamwa kupita kubere n'kubwereranso, choncho mukachiza mmodzi yekha vuto limabweranso. Anandipatsa mankhwala opaka opha mafangasi kuti ndizipaka pang'ono kwambiri pansonga mwana akangomaliza kuyamwa, ndipo ngati atsalira ooneka, ndizipukuta ndisanamuyamwitsenso. Ndinkasiya mabere aume ndi mphepo ndisanavale, ndinkasintha kamisolo ikangonyowa, n'kuichapa ndi sopo ndi kuyanika padzuwa. Mafangasi amakonda ponyowa ndi pofunda.

Tsopano za kudyetsa, zimene zinandisowetsa tulo koposa. Mankhwala satha ululu tsiku lomwelo, koma mwana ayenera kudya tsiku lomwelo. Ndinaona kuti chimene chinkamupweteka kwambiri ndi kukoka mwamphamvu poyamba, mkaka usanayambe kutsika. Ndiye ndisanamuike kubere ndinkasisita bere n'kufinya mpaka mkaka uyambe kudontha, kuti akangogwira apeze ukutuluka kale. Sindinkadikira kuti alire. Akangoyamba kugwedeza milomo kapena kuika kadzanja kukamwa, ndinkamunyamula. Ankayamwanso bwino akakhala ndi tulo, pongodzuka kumene. Ankayamwa pang'ono koma pafupipafupi, kuposa maulendo 8 amene amatilangiza pa usana ndi usiku. Ndinkaonetsetsanso kuti wayasamula kwambiri n'kulowetsa mbali yaikulu yakuda ya bere, osati nsonga yokha, chifukwa kugwira nsonga kumang'amba khungu ndipo mafangasi amalowera m'ming'alumo.

Akakaniratu, ndinkafinyira mkaka m'kapu yaing'ono yowiritsa. Chala chachikulu pamwamba pa mbali yakuda, cholozera pansi pake, kukankhira chakuchifuwa, kenako kufinya ndi kumasula, ndikusinthasintha malo kuzungulira bere. Pomumwetsa ndinkamukhazika chokhala, n'kugunditsa kapu pamlomo wam'munsi, kuipendeketsa mpaka mkaka ufike m'mphepete. Mwana amanyambita ndi kumwa yekha. Osathira mkaka m'kamwa, amatsamwa. Wina umatayika pachibwano, zimenezo zisakufooketseni. Mkaka wofinya sindinkausunga kupitirira maola anayi kunja kukutentha. Kufinyako kunandithandizanso ine, chifukwa bere likapanda kukhuthulidwa limatupa ndipo mkaka umayamba kuchepa.

Botolo sindinagule, ngakhale ena ankandiuza kuti mwana apumule kubere. Mphira wake ndi wovuta kutsuka ndipo mafangasi amabisalamo. Amene mwana wanu amamwera kale m'botolo, muziwiritsa mphirawo ndi botolo lomwe tsiku lililonse, pamodzi ndi chilichonse chimene amaika m'kamwa. Madzi, tiyi kapena phala lamadzi sindinamupatse. Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika bere lokha, ndipo madzi oti "atsuke m'kamwa" amangodzaza kamimba popanda chakudya, mwinanso kubweretsa kutsegula m'mimba.

Kuti ndidziwe ngati akukhuta, ndinkawerenga matewera. Mwana amene akupeza mkaka wokwanira amakodza kosachepera kasanu ndi kamodzi pa usana ndi usiku, mkodzo wake wosada. Posintha matewerawo ndinapezanso zotupa zofiira kwambiri m'mapindi a ntchafu, zokhala ndi timadontho tofiira m'mbali mwake. Ndi mafangasi omwewo, amadutsa m'mimba n'kutulukira kumatako. Mafuta wamba sathetsa zimenezi. Ndinakaonetsa, anandipatsa opaka, ndipo ndinkamusiya nthawi zina wopanda thewera kuti paume.

Anandiuza kuti ndibwererenso pakatha masiku awiri kuti akaone ngati zikusintha, ndipo ndinapita. Anaona mmene ndikupakira mankhwala ndi mmene mwana akugwirira bere. Pofika nthawiyo zoyera za m'masaya zinali zitayamba kuchepa, ndipo kulira pabere kunali kutachepanso. Mlungu usanathe zoyerazo zinatheratu, koma mankhwala ndinamaliza monga anandiuzira. Apa ndi pamene amayi ambiri amasiyira poona kuti mwana wayamba kuyamwa, mafangasi otsalira n'kuphukanso.

Pali zizindikiro zimene anandichenjeza kuti ndikaziona ndisadikire tsiku lobwerera, ngakhale usiku: mwana kulephereratu kuyamwa ndi kumwa, kutentha thupi kufika madigiri 37.5 kapena kuzizira modabwitsa, kufooka osagalamuka ukamugwedeza, kupuma mothamanga kapena molowetsa chifuwa, kukomoka, liwombo kulowa m'kati, ndi matewera kukhala ouma nthawi yaitali. Zimenezi si za mafangasi a m'kamwa okha ayi.

Anatsegulanso buku langa kuti aone zotsatira za magazi za nthawi ya sikelo ya pakati, ndipo anandipempha kuti ndiyezetsenso HIV, pakuti mayi woyamwitsa amayenera kumayezetsa kangapo. Ndinavomera. Makanda ambiri amene amagwidwa ndi zoyera m'kamwa alibe kachilomboka, koma zikamakana mankhwala, zikamabwerabwera, kapena mwana akamapanda kukwera sikelo, achipatala amafuna kuona ngati chitetezo chake chili bwino. Zikakhala choncho kwa mwana wanu, musagule botolo lachiwiri la nisitatini panokha. Bwererani naye kuchipatala pamodzi ndi buku lake ndi lanu, mukanene kuti mankhwala oyamba munapaka motani komanso kwa masiku angati.