Mmene ndinamangiranso botolo la sopo litathothoka chogwirira

Mayi wina wa kwathu amene amapanga sopo wamadzi ku Rosettenville ankafuna chitsanzo cha botolo lokhala ndi chogwirira, ndipo fayilo yake anam'konzera munthu wina. Tinaipereka ku shopu ina yosindikiza zinthu za 3D kuno ku Joni, analandira ndalama osaitsegula n'komwe, ndipo pa tsiku lokatenga, titakwera mataxi m'mawa wonse, chogwirira chinathothokera m'manja mwa mayiyo tili pa kauntala pomwepo. Ndalama anakana kubweza. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa vutolo likanaoneka pa mphindi imodzi akanadula chithunzicho pakati ndi Section Analysis, chida choonetsa m'kati mwa chinthu chojambulidwa pa kompyuta. Ndinalimanganso botolo lonse mu Fusion 360, pulogalamu yojambulira zinthu za 3D.

Khosi ndilo losavuta, chifukwa ndi lozungulira mofanana mbali zonse. Mumajambula theka lake lokha, kuyambira pa mzere wapakati kupita kunja mamilimita 14 ngati khosi ndi la mamilimita 28, kenako Revolve imazunguliza thekalo madigiri 360. Chojambulacho chikhale chotsekeka ndipo chisadutse mzere wapakatiwo, apo ayi pulogalamu ikana.

Thupi la botololi silinali lozungulira koma lophwatalala, mamilimita 90 m'lifupi ndi 60 mbali inayo, choncho Revolve sikanathandiza. Apa ndi pa Loft, imene imalumikiza zojambula zosiyana zoikidwa pa misinkhu yosiyana. Ndi Offset Plane ndinaika chojambula chimodzi pansi, china pa phewa, ndipo chomaliza chinali bwalo la khosi. Choyenera kuyang'anitsitsa ndi timadontho timene pulogalamu imagwirizanitsa pakati pa chojambula ndi chinzake. Dontho lakumanja la pansi likalumikizidwa ndi lakutsogolo la pamwamba, phewa limapotoka ngati nsalu yofinyidwa, ndipo mumaona mizere ikuyenda mopingasa m'malo mokwera molunjika. Ndinakoka timadonthoto mpaka tinayang'anizana, kenako ndinawonjezera mizere iwiri ya Rails m'mbali kuti phewa litsike mofewa. Mzere wa Rails uyenera kukhudza chojambula chilichonse ndendende. Ukaphonya ngakhale pang'ono posaoneka ndi maso, Loft imakana.

Tsono chogwirira, chimene chinatidyera tsiku ndi ndalama. Sweep imatenga chojambula chimodzi n'kuchiyendetsa motsata njira imene mwailemba. Amene anakonza fayilo yoyamba anaimitsa njirayo pa khoma la botolo penipeni, n'kusiya chogwirira chili thupi lapadera. Koma nsonga ya chogwirira ndi yafulati pamene khoma ndi lokhota, kotero zinkangogundana pakati, m'mphepete muli mpata. Nditayang'ana pothothokapo, panali kamzere kopyapyala ka pulasitiki, ndipo ndiko kokha kankagwira. Ine ndinatalikitsa njirayo mamilimita 5 kulowa m'thupi mbali zonse ziwiri, n'kusankha Join kuti zikhale chinthu chimodzi.

Bwalo la chogwirira, la mamilimita 14, ndinalijambula pa Plane Along Path kuti liime mopingasa bwino ndi njirayo, chifukwa likapendekeka chogwirira chimatuluka chophwatalala. Pamakona m'pamene Sweep imakanira kawirikawiri. Kuchokera pakati pa chogwirira kufika kunja ndi mamilimita 7, ndiye kona ikakhota mothina kuposa 7, mbali yam'kati imadzipyoza yokha. Ndinaika 20, ndipo pokumana mzere wowongoka ndi wokhota ndinaikapo Tangent kuti pasakhale pothyoka. Lamulo lomweli ndi la mapaipi okhota: paipi ya mamilimita 25 siingakhote mothina kuposa 12.5 ngakhale pa kompyuta, ndipo wopinda chitsulo chenicheni adzafuna kona yotakasuka kwambiri kuposa pamenepo, choncho m'funseni musanajambule.

Ndibwerere m'mbuyo pang'ono: zonsezi ndinazichita botolo likadali lodzaza m'kati. Shell, imene imakumba m'kati n'kusiya khoma la mamilimita 2, ndinaichita pomaliza nditasankha pakamwa pa khosi. Mukaichita musanaike chogwirira, mamilimita 5 aja amatulukira m'kati mwa botolo ngati zitsa ziwiri. Mukaichita pomaliza, chogwirira nachonso chimakhala ndi dzenje lolumikizana ndi thupi, monga momwe mabotolo ambiri apulasitiki a chogwirira alili. Shell ikakana, yambani kukayikira makona ang'onoang'ono amene mwawasalaza ndi Fillet yochepa kuposa kukula kwa khoma.

Musanatulutse fayilo ya STL, imene imapita kwa wosindikiza, tsegulani Section Analysis, dulani botolo pakati podutsa chogwirira, ndipo tsatani khomalo ndi maso kuchokera pakhosi mpaka pansi. Muonenso kuti pa mndandanda wa Bodies pali thupi limodzi lokha. Ku shopu ina imene tinapita pambuyo pake, ndinaumirira kuti atsegule fayiloyo ife tili pomwepo mayiwo asanatulutse ndalama, ndipo sindidzalipiranso wosindikiza aliyense amene akana kuchita zimenezo.