Lachiwiri: mawu atatu mu mgwirizano wa soya

Lero tsiku lonse ndakhalira kumasulira mgwirizano wa kampani ina yogula soya ndi kalabu ya alimi ku Mchinji. Alimi akufuna auwerenge m'Chichewa asanasaine, koma ndime yomaliza ikuti pakabuka mkangano, wa Chingelezi ndiwo udzatsatidwe. Ndiye ndikapotoza liwu limodzi, wolira ndi mlimi.

M'mawa ndinayamba ndi liwu la Chingelezi loti shall. Dzanja limathamangira kulemba kuti "wogula adzalipira", koma kutero n'kungonena zam'tsogolo, ngati kunena kuti mvula idzagwa. Mu mgwirizano, liwuli limamanga munthu: akapanda kuchita, waphwanya pangano. Ndalemba "wogula ayenera kulipira", ndipo ndasunga "ayenera" yemweyo paliponse pamene pali udindo, osasinthasintha pofuna kukometsa. Woweruza akaona mawu awiri osiyana amaganiza kuti matanthauzonso ndi awiri.

Liwu loti may silinandichedwetse. "Wogula akhoza kukana soya wonyowa" zikumveka ngati mwina zichitika, mwina ayi. Ndaika "ali ndi ufulu wokana", pakuti akafuna akhozanso kumulandira.

Chandidyera nthawi ndi deemed, madzulo ano. Ndimeyo ikuti wogula akakhala chete masiku 7 chilandirireni katundu, shall be deemed kuti wamuvomereza. Poyamba ndinalemba "adzaganiziridwa kuti wavomera", kenaka ndinawerengera mnzanga wa muofesi, mayi amene anakulira paulimi. Anandifunsa kuti, "Achimwene, woganizayo ndani? Nanga akaganiza molakwa?"

Funso lawolo linandionetsa pamene panali vuto. Apa palibe woganiza. Mgwirizano ukulamula kuti chinthu chitengedwe ngati chachitika, kaya chachitikadi kaya ayi. Tinene kuti kalabu yatula matumba 40 a makilogalamu 50 pa 3 Juni. Kampani yangoti zii mpaka pa 10 Juni padutsa. Pa 14 ikubwera n'kuti soyayo ngwonyowa, mutengeni. Mwa ndime imeneyi yachedwa, ngakhale itati inali isanamasule thumba ndi limodzi lomwe. Mlimi wowerenga "adzaganiziridwa" akhoza kukatenga matumba ake mwakachetechete, osadziwa kuti ndime ili kumbali yake. Zimenezo zinandiwawa nditaziganizira.

Ndalemba kuti: "Pakadutsa masiku 7 wogula asananene kuti wakana katunduyo, zidzatengedwa kuti wamuvomereza." Taonani, shall wa pano sindinamuike "ayenera". Sakupatsa munthu aliyense ntchito, akungonena chotsatira cha kukhala chete. Ndikanalemba "ayenera kuvomereza", ndikanapanga udindo umene mulibe mu Chingelezimo.

Chimodzi sindinachikonze dala. Mgwirizano sukunena ngati masiku 7 aja akuphatikiza Loweruka ndi Lamulungu. Ndasiya "masiku" chomwecho, popeza kuwonjezera "ogwira ntchito" n'kulemba pangano latsopano. Ndalembera loya wa kalabu kakalata komufunsa zimenezi, ndipo ndatumiza ndisanaweruke.